Nkhunda Ziwiri za pa Chitini

Kusukulu ankamutcha Nkhunda. Sondes sanadandaulepo poyera, pakuti sanali mtsikana wolankhulalankhula, koma dzinalo linkamuwawa. Linachokera pa chitini chobiriwira cha shamiya, chakudya chotsekemera cha chitowe ndi shuga, imene bambo ake, a Mongi, ankapanga pamodzi ndi mng'ono wawo Lassaad mu fakitale yaing'ono panjira ya ku Gremda, kunja kwa mzinda wa Sfax. Pachitinipo panali nkhunda ziwiri zoyang'anizana, ina yonenepa ina yowonda, ndipo pamwamba pake panali dzina lakuti Abale Awiri. Malo otsala anadzaza ndi maluwa, nyenyezi, mendulo ya chionetsero china choiwalika, ndi nambala ya telefoni imene inasiya kulira Sondes asanabadwe. Akalowa m'sitolo ndi anzake n'kuona chitinicho pakati pa zitini zonyezimira za makampani aakulu, ankayang'ana kumbali ngati waona wachibale woledzera.

Bambo ake aang'ono, a Lassaad, anamwalira mwadzidzidzi chilimwe chomwe Sondes anamaliza sukulu. Mtima unangoima ali chiimire pafupi ndi mphero ya chitowe. Kuyambira pamenepo a Mongi anasiya kulowera khomo lakutsogolo, limene linali ndi chikwangwani pamwamba. Ankazungulira kuseri, kodutsira matumba a shuga.

M'mawa wina anamuitana Sondes, amene tsopano ankathandiza mu ofesi. Sondes anawapeza ataima pafupi ndi mphika waukulu wa manyuchi a shuga, maso ali pa thovu.

"Paja iwe unkafuna chitini chatsopano?"

Sondes anamva kutentha m'makutu. Sanadziwe kuti bambo ake ankadziwa.

"Ndinangonenapo kamodzi, Baba."

"Kamodzi kako n'kokwana. Pita kwa mayi uja wojambula zizindikiro za makampani ku Bab Bhar. Asinthe zonse. Dzina, nkhundazo, mtundu, zonse. Zitini za Ramadhani tiziitanitsa mwezi uno, ndiye zibwere zatsopano."

"Ndi dzina lomwe?"

"Abale awiri ali kuti?" Anatambasula manja, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna munthu. "Ine sindigulitsa bodza. Komanso mayi ako aang'ono. Akatuluka m'nyumba muja, golosale iliyonse iziwakumbutsa mwamuna wawo? Ayi. Tiwapepuzire."

Sondes anagwedeza mutu. Chimene sakanauza munthu n'chakuti pansi pa chisoni chonse, kamtima kake kena kanadumpha ndi chimwemwe, ndipo anadzida nako. Ankadziwanso kuti si nkhani yamasewera. Shamiya imagulidwa chaka chonse, koma imayenda kwenikweni m'mwezi wa Ramadhani, anthu akamaipaka pa buledi pa daku, chakudya cha m'bandakucha asanayambe kusala. Malonda a mwezi umodziwo ndi amene ankadyetsa nyumba yawo ndi nyumba ya malemu mpaka chaka kutha. Chitini chikakanidwa mwezi umenewo, panalibe mwezi wina wopepesera.

Mayi Olfa, wojambula zizindikiro uja, anali munthu wamfupi, wa magalasi ofiira ndi mawu a munthu wosuta. Anatembenuza chitini chakalecho m'manja, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mulungu andikhululukire, ndakulira chitini chimenechi. Mayi anga ankasungamo mabatani. Ndiye akutuma kuti ndidzachiphe?"

"Akuti musinthe zonse," Sondes anatero, maso ali pa nsapato zake.

"Kweza mawu, mwana iwe, kuno sitidya anthu. Tandiuza, dzinali lada? Alipo anadwalapo atadya shamiya yanu n'kupita nazo pa wailesi?"

"Ayi."

"Wina wakusumirani kuti dzinali ndi lake? Mwagulidwa? Mwaphatikizana ndi kampani ina?"

"Ayi."

"Kapena mwasiya shamiya, mwayamba kupanga sopo?"

Sondes anaseka pang'ono, n'kutseka pakamwa.

"Ukuseka, koma zimachitika. Chaka chatha kunabwera bambo wina, kampani yake dzina lake Mwana wa Sukulu. Anayamba ndi kusoka mayunifolomu a ana. Pano akusoka zovala za madokotala zokhazokha, za ana anasiya kale. Akapita kuchipatala kukafuna oda, alonda amamuuza kuti sukulu ili kuseri. Ameneyo ndinamusinthira zonse osaphethira, chifukwa dzina linkamutsekera zitseko. Ndalama zake zinabwerera. Nanga inu lakutsekerani chitseko chiti?"

Sondes anafotokoza za imfa. Mayi Olfa anavula magalasi, nanena mawu opepesa maliro.

"Ndikuuze zoona, ngakhale zikundidyera ndekha," anatero. "Ntchito yosintha zonse ndi imene imandilipira bwino. Koma walira mvula walira matope. Dzina latsopano muyenera kukalilembetsa kuboma, ndipo zimenezo zimatenga miyezi. Osindikiza zitini adzafuna kukonza zosindikizira zatsopano. Makatoni amene ali m'nyumba yosungira katundu mudzatayira mbuzi. Chikwangwani, galimoto, mapepala a ofesi. Masitolo aakulu adzakuonani ngati alendo, mukayambirenso kupempha malo pa shelefu. Zonsezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti mudzayenera kulipira kuti mzinda wonse uphunzire dzina latsopano, pamene lakaleli akulidziwa ulere."

"Koma chitinichi n'chonyansa," Sondes anatulutsa mawu asanawaganizire.

"Aha, tsopano walankhula! N'chonyansadi. Koma munthu akakhala ndi litsiro timamusambitsa, sitimukwirira." Anavalanso magalasi. "Chabwino. Bambo ako atuma, ndichita. Ndijambula chatsopano chenicheni, chokongola, sindibera dala. Koma musanauze osindikiza, timata pepala la chojambulacho pa zitini zochepa, ukaziike pa golosale imodzi. Ukaimepo wekha. Usalankhule, ungomvera. Ndikuona kuti zimenezo umazitha."

Chitini chatsopano chinatuluka choyera mbee, ndi mzere umodzi wagolide ndi dzina lotanthauza M'bandakucha. Sondes atachiona anachikonda mpaka kuchita manyazi. Chinali chitini choti mtsikana akhoza kunyamula pamaso pa anzake osachibisa m'chikwama.

Anapita nacho kwa a Hmida, mwini golosale ina pafupi ndi chipata cha Bab Jebli, amene anagulitsa shamiya ya Abale Awiri kuyambira tsiku loyamba. A Hmida anachotsa zobiriwira zonse pa shelefu, n'kusanja zoyerazo.

"Ngati mankhwala opaka kumaso," anatero. "Khala apo pa thumba la nchana, mwana wa Mongi. Usandiwopsezere makasitomala ndi nkhope ya maliroyo."

Woyamba kufunsa anali mayi wina wachikulire wa dengu la mlaza.

"Hmida, ndipatse ya nkhunda. Yaikulu."

"Ndi iyi, Hajja. Angosintha malaya."

Mayiyo anachinyamula, kuchiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchibweza ndi zala ziwiri.

"Wakalamba ukunamabe? Nkhunda zili kuti?"

"Zauluka. Koma m'katimo ndi yomweyo, ndikulumbira."

"Lumbirira mkazi wako. Ngati ya nkhunda yatha, ndipatse iyo yofiirayo, bola ndimaidziwa."

Anatuluka ndi shamiya ya kampani ina.

Tsiku lonse zinayenda choncho. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula Abale Awiri, koma palibenso amene analephera kunena chimene akufuna: ya nkhunda, yobiriwira ija, ya mbalame yonenepa. Ena anakhulupirira a Hmida n'kugula monyinyirika. Ambiri anakana. Mtsikana wina wa msinkhu wa Sondes, wa zomvera nyimbo m'makutu, anatenga choyeracho, nati n'chokongola, n'kufunsa ngati n'chochokera kunja. Atamva kuti n'cha ku Gremda konkuno anachibweza, nagula chokoleti.

Madzulo a Hmida anamupatsa tiyi m'kagalasi.

"Ukufuna ndikuuze chimene anthu amadandaula? Si nkhunda ayi. Ndi chivindikiro. Taona chala changachi." Anamuonetsa chipsera. "Kutsegula mpaka mpeni. Ukatsegula sichitsekekanso, mafuta a chitowe amayenderera m'kabati, nyerere n'kuitana abale awo. Achinyamata safuna zolimbana ndi chitini m'bandakucha. Ndinamuuza malemu kangapo, iye n'kumangoti, Hmida, chokoma chimafuna thukuta."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kuyamba kukalipira ntchentche.

Sondes sanapite kwawo. Anakwera takisi kupita kwa mayi ake aang'ono, a Zakia, monga ankachitira Lachinayi lililonse. A Zakia anali akadali pa eda, miyezi inayi ija imene mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba, osadzola, osacheza ndi amuna amene si a magazi ake. A Mongi, pokhala mlamu, ankangofika pachipata, kusiya nsomba ndi ndiwo zamasamba, kupereka moni kudzera kwa mwana, n'kubwerera. Nkhani za fakitale sankazilowetsa m'nyumba ya maliro. Ankati kutero n'kupanda ulemu.

Anawapeza a Zakia pabwalo lam'kati, atavala zotuwa, akuthirira timbewu tonunkhira tomwe anadzala m'zitini zakale zobiriwira. Zinali ndandanda m'mbali mwa khoma, nkhunda zina zitachita dzimbiri mpaka kutsala milomo yokha.

"Wabwera, kankhunda kanga? Wawondatu. Kwanuko akukumana chakudya?"

Pakamwa pa a Zakia pokha dzinalo silinkawawa. Sondes anawapsompsona masaya onse awiri. Poika chikwama pa mpando, chitini choyera chija chinagubuduka n'kukaima pa phazi lawo.

A Zakia anachitola. Anawerenga dzina. Anatembenuza, n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, pamene panali keyala ya fakitale, panjira ya ku Gremda. Anachiika pa khoma pakati pa zobiriwira zija, mosamala ngati dzira.

"Ndiye zafika apa," anatero motsitsa.

"Sichinasindikizidwe, Amayi. N'choyesera chabe."

"Ndi maganizo a bambo ako?"

"Eya."

"Eda yanga isanathe n'komwe." Anapukuta manja pa chovala chawo, ngakhale anali ouma. "Ndimadabwa kuti bwanji amangofika pachipata ngati wogulitsa makala. Ndimati ndi mwambo. Kani akukonza zotifafaniza. Uwauze kuti asavutike. Ngati akufuna fakitale ikhale yawo okha, anene, ine ndi ana anga tiona kolowera."

"Ayi!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka mphaka anathawa pa khoma. Sondes mwiniwake anadzidzimuka. "Ayi, Amayi, si choncho. Akuti akukupepuzirani. Akuti mukatuluka, golosale iliyonse izikukumbutsani. Iwowo salowanso khomo lakutsogolo. Amazungulira kuseri kuti asaone chikwangwani."

A Zakia anakhala pansi pa mpando, n'kuyamba kuseka misozi ili chuchuchu.

"Amuna a banja limeneli! Mitu ngati miyala ya mphero. Akundipepuzira? Taona khomali, mwana iwe. Ine ndikuthawa kukumbutsidwa? Ndikudikira tsiku lotuluka kuti ndikayende msika wonse ndikumuona mwamuna wanga pa shelefu iliyonse, wonenepa yemwe uja." Analoza nkhunda ya kumanja. "Ukudziwa kuti anazijambula yekha, pa tebulo la kukhitchini kwa agogo ako? Zaka zonsezi amakangana ndi bambo ako kuti yonenepayo ndi ndani. Aliyense amati ndi mnzake."

Anamina, n'kumugwira Sondes dzanja.

"Ine sindingakalankhule nawo pano. Ukawauze iwe. Unene kuti mng'ono wawo sanasiye kukhala m'bale wawo. Wangosamuka."

"Sindingathe kuwauza zimenezo, Amayi. Mukundidziwa."

"Wangokuwa kumene mpaka mphaka wanga wathawa. Utha."

Kutacha Sondes anayamba wapita kwa Mayi Olfa, n'kufotokoza zonse: za Hajja wa dengu, za mtsikana wa chokoleti, za chala cha a Hmida. Mayi Olfa sananene kuti ndinakuuza. Anangokoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi kompyuta.

"Khala apa. Tichotse chiyani, tisiye chiyani? Iwe ndiye wamva anthu."

Anasiya dzina, mtundu wobiriwira ndi nkhunda, pamalo pake pomwepo. Anachotsa maluwa, nyenyezi, mendulo ndi telefoni yakufa ija. Zilembo anazilembanso zazikulu ndi zooneka patali. Zosakaniza ndi tsiku lothera ntchito anazisanja kumbuyo, poti munthu awerenge osafinya maso. Mayi Olfa anaimbira osindikiza zitini, ndipo osindikizawo ananena kuti chivindikiro chokoka ndi chala, chokhala ndi china chapulasitiki chotsekera pamwamba, chilipo kale cha kukula komweko. Dzina silinafunike kukalembetsanso. Makatoni akale akanagwirabe ntchito mpaka kutha, ndipo chikwangwani chinkangofuna penti.

Chojambulacho chitatuluka pa pepala, Sondes anachiyang'ana. Sichinali chokongola ngati choyera chija. Chimenecho anavomereza mumtima, ndipo kanali kachisoni kakang'ono. Koma chinali chitini chawo, chitasamba.

Sondes anawapeza a Mongi kuseri, atakhala pa matumba a chitowe, akudya buledi ndi mafuta a azitona. Sondes anaika zitini zitatu pa thumba lina: chakale, choyera, ndi chobiriwira chatsopano chomatidwa pepala.

"Ndinakutuma chimodzi," a Mongi anatero.

"Ndi icho, Baba, choyeracho. Ndinakachiyesa kwa a Hmida." Analoza chitini choyera chija. "Anthu achikana. Akuti nkhunda zili kuti. Hajja wina anagula yofiira ya anthu ena ine ndikuona. Tikapita nacho ku Ramadhani, masitolo adzatibwezera zitini zodzaza."

"Adzazolowera."

"Mwina. Koma osati chaka chino. Ndipo chimene akudandaula si dzina, ndi chivindikiro."

"Hmida ndi chala chakecho," a Mongi anang'ung'udza. "Ine ndanena kale. Sindigulitsa bodza."

"Ndinapitanso kwa Amayi aang'ono."

Buledi anaima panjira yopita kukamwa.

"Unawaonetsa?"

"Chinagwa m'chikwama. Anaganiza kuti mukufuna kuwachotsa mu fakitale, iwo ndi ana."

A Mongi anaimirira, nkhope itachita phulusa. "Ine? Ana a Lassaad? Ine amene..."

"Ndinawafotokozera. Anaseka. Akuti amuna a banja lino mitu yanu ili ngati miyala ya mphero." Sondes anawayang'ana m'maso. "Ndiye andituma. Akuti mng'ono wanu sanasiye kukhala m'bale wanu. Wangosamuka. Akuti akatuluka akufuna akamuone pa shelefu iliyonse."

Mphero inkalira kuseri kwa khoma. A Mongi anakhalanso pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wotsitsa katundu wolemera. Anaphimba nkhope ndi chipewa chawo, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Sondes anali asanawaonepo akulira, ngakhale kumanda. Sanadziwe chochita ndi manja ake. Mapeto ake anakhala pambali pawo, n'kutsamiritsa mutu pa phewa lawo lonunkhira chitowe chokazinga, monga ankachitira ali wamng'ono.

Patapita nthawi a Mongi anapukuta kumaso, n'kutola chitini chobiriwira chatsopanocho. Anachiika patali ndi maso, n'kuchiyandikizanso.

"Mendulo yanga ili kuti?"

"Palibe amaiona, Baba."

"Hm." Anachitembenuza. "Ndiye iwe chitini chako choyera wachisiya? Ndinakuona mmene unkachiyang'anira."

"N'chokongola," Sondes anatero. "Koma si chathu."

A Mongi anayang'anitsitsanso nkhunda zija, n'kukwinya nkhope.

"Mayi ameneyu wachita chiyani apa? Waiwondetsa!"

Zinali zoona. Pokonza mizere, Mayi Olfa anaichepetsa mimba nkhunda ya kumanja kuti ziwirizo zifananeko.

"Anati zioneke bwino..."

"Ukamuuze aibwezere mimba yake. Yonse. Munthu anadya shamiya moyo wake wonse kuti afike pamenepo." Anagogoda nkhundayo ndi chala. "Ndipo ukawauze mayi ako aang'ono kuti mlandu uja watha. Yonenepayo ndi Lassaad. Sangatsutsenso."

Sondes anaseka, misozi ikumulowa m'kamwa.

"Ndiwaimbire osindikiza?"

"Imba. Unenenso za chivindikirocho, Hmida asatifere."

A Mongi anaimirira, n'kukutumula zinyenyeswa pa malaya. Sondes anasonkhanitsa zitini n'kulunjika ku ofesi. Atafika pakhomo anacheuka, n'kuona bambo ake akutuluka kuseri, akuzungulira m'mbali mwa khoma kupita kumsewu. Anakaima pansi pa chikwangwani, manja ali m'chiuno, mutu uli m'mwamba.

"Sondes!" anakuwa. "Penti yake ndi yobiriwira iti? Isakhale ngati ya mzikiti!"

Kenako analowera khomo lakutsogolo.